Kuthetsa funso la wakuba wa m'nyumba: msewu woongoka, kenako msewu wozungulira

Anthu ambiri amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta akhala akundifunsa za funso limeneli, ndipo pafupifupi onse amakodwa pamalo awiri omwewo, choncho ndaona kuti ndi bwino kuti ndilembe kamodzi mwatsatanetsatane. Pa LeetCode, tsamba la pa intaneti la mafunso oyeserera kulemba mapulogalamu, funsoli lili pa nambala 198 ndipo dzina lake ndi `House Robber`, pamene lija la msewu wozungulira lili pa nambala 213 ndipo limatchedwa `House Robber II`.

Nkhani yake ndi yotere. Mumsewu muli nyumba zondandalikana, ndipo nyumba iliyonse ili ndi ndalama zimene kuchuluka kwake kukudziwika. Nyumba ziwiri zilizonse zoyandikana zinalumikizidwa ndi alamu, moti wakuba akalowa m'nyumba ziwiri zogundana usiku umodzi, alamuyo imalira. Tikufuna kudziwa ndalama zochuluka kwambiri zimene angatenge popanda kuliza alamu. Tikaichotsa nkhani ya wakubayo, chotsala ndi masamu: mwapatsidwa mndandanda wa manambala osatsika pa 0, sankhani ena mwa iwo popanda kusankha awiri oyandikana, kuti mukawaphatikiza zotsatira zikhale zazikulu koposa. M'malangizo onsewa tigwiritsa ntchito msewu umodzi wa nyumba zisanu ndi imodzi, ndipo ndikupemphani kuti muulembe papepala musanatsegule kompyuta:

```python
nums = [5, 3, 4, 11, 2, 6]
```

Nyumbazi tiziziwerenga kuyambira 1 mpaka 6, kuchokera kumanzere.

1. Tayani kaye njira ziwiri zimene zimabwera msanga m'mutu.

Yoyamba ndi yophatikiza nyumba 1, 3 ndi 5 payokha, kuphatikizanso nyumba 2, 4 ndi 6 payokha, n'kutenga chachikulu. Mumsewu wathu gulu loyamba likupereka 5 + 4 + 2 = 11, ndipo lachiwiri likupereka 3 + 11 + 6 = 20. Koma amene walowa m'nyumba 1, 4 ndi 6 wapeza 5 + 11 + 6 = 22, ndipo sanaphwanye lamulo lililonse. Lamulo likuletsa kutenga nyumba zoyandikana, koma silikukakamiza kudumpha nyumba imodzi yokha. Nthawi zina kudumpha ziwiri n'kopindulitsa.

Yachiwiri ndi yothamangira nambala yaikulu kwambiri, kufufuta zoyandikana nayo, n'kubwereza. Mumsewu wathu njira imeneyi ikupezadi 22, ndipo n'chifukwa chake imanyenga anthu. Iyeseni pa `[8, 9, 8]`: itenga 9 n'kutaya 8 onse awiri, chonsecho yankho ndi 16.

Mwina mungaganize zongoyesa masankhidwe onse ololedwa. Pa nyumba zisanu ndi imodzi masankhidwe otere alipo 21, kuwerengera ndi kusatenga kalikonse, ndipo mungathe kuwalemba pamanja. Vuto ndi lakuti chiwerengerochi chimakula motsatira manambala a Fibonacci, moti pa nyumba 40 chimafika pa 267,914,296, pamene funso la pa LeetCode limalola nyumba zofika 100.

2. Nenani momveka bwino tanthauzo la nambala imene mukusunga.

Iyi ndiyo sitepe imene malangizo ambiri amaidumpha, n'kuthamangira kulemba fomula, ndipo ndi imene imachititsa kuti munthu aloweze khodi osaimvetsa. Njira imene tigwiritse ntchito ndi yoyankha kaye mafunso aang'ono, kusunga mayankho ake m'tebulo, n'kumangira pa iwo yankho la funso lalikulu. Pa LeetCode mudzaiona italembedwa kuti `Dynamic Programming`, dzina limene linachokera kwa katswiri wa masamu wa ku America, Richard Bellman, m'zaka za m'ma 1950, ndipo n'chifukwa chake tebulolo anthu amakonda kulitcha `dp`.

Funso laling'ono ndi ili: msewu ukanathera pa nyumba ya nambala `i`, wakuba akanapeza ndalama zingati zochuluka koposa? Yankho lake tilitcha `dp[i]`. Onetsetsani mawu amenewa. `dp[i]` si ndalama zimene wakuba wapeza atalowa m'nyumba `i`. Ndi zabwino koposa zimene zingapezeke m'nyumba `i` zoyambirira, kaya nyumba `i` yalowedwa kapena yadumphidwa. Matanthauzo awiriwa ndi osiyana, ndipo lililonse lili ndi fomula yakeyake. Amene amawasakaniza amalemba khodi imene imagwira pa zitsanzo zina n'kulephera pa zina, iye osadziwa chifukwa chake.

Mayankho awiri oyambirira safuna kuganiza kwambiri. Ngati mulibe nyumba, mulibenso ndalama, choncho `dp[0] = 0`. Ngati nyumba ndi imodzi, muitenga, choncho mumsewu wathu `dp[1] = 5`.

3. Imani pa nyumba yomaliza, muone zinthu ziwiri zokha zimene zingachitike.

Tiyerekeze kuti mayankho a misewu yonse yaifupi tili nawo kale, ndipo tsopano tafika pa nyumba `i`. Sankho lililonse lololedwa lili m'gulu limodzi mwa awiri: lotenga nyumba `i`, kapena loidumpha. Palibe gulu lachitatu.

Mukaidumpha, nyumbayo ili ngati kulibe, ndipo chotsala ndi msewu wa nyumba `i - 1`, umene yankho lake ndi `dp[i-1]`. Mukaitenga, nyumba ya kumbuyo kwake yaletsedwa, choncho chotsala ndi msewu wa nyumba `i - 2`, umene mungasankhemo momasuka chifukwa mulibe nyumba yogundana ndi nyumba `i`. Pamenepo mupeza `dp[i-2]` kuphatikiza ndalama za m'nyumba `i`. Yankho ndi chachikulu pa ziwirizi:

```
dp[i] = max(dp[i-1], dp[i-2] + nums[i-1])
```

Tikulemba `nums[i-1]` chifukwa Python imawerenga malo a mumndandanda kuyambira pa 0, moti nyumba 1 ili pa `nums[0]` ndipo nyumba 6 ili pa `nums[5]`.

Pali mafunso awiri amene wophunzira watcheru amafunsa akafika pano, ndipo onse ndi oyenera kuyankhidwa. Loyamba ndi lakuti: nanga ngati sankho labwino la `dp[i-1]` silinatenge nyumba `i - 1`, bwanji osawonjezera nyumba `i` pa `dp[i-1]` pomwepo? Yankho ndi lakuti ngati sankho limenelo silinatenge nyumba `i - 1`, ndiye kuti nyumba zake zonse zili mkati mwa nyumba `i - 2` zoyambirira, ndipo `dp[i-1]` ndi yofanana ndi `dp[i-2]`. Fomula yaliwerengera kale, palibe chimene chatayika.

Lachiwiri ndi lakuti: kodi kudumpha nyumba ziwiri, kumene tinaona kuti n'kofunika pa sitepe 1, kuli pati, popeza m'fomulamu mulibe `dp[i-3]`? Kuli mkati mwa `dp[i-2]`. Popeza tinagwirizana kuti `dp[i-2]` sikakamiza kutenga nyumba `i - 2`, iyo ingathe kukhala kuti inaidumpha kale nyumbayo. Mukanasankha tanthauzo lina lija, lakuti nyumba `i` yatengedwa ndithu, mukanafunikadi kuyang'ana `dp[i-3]`, ndipo yankho lomaliza silikanakhala nthawi zonse m'bokosi lomaliza la tebulo. Apa mpamene phindu la sitepe 2 limaonekera.

4. Dzazani tebulo pamanja.

Tayamba ndi `dp[0] = 0` ndi `dp[1] = 5`. Pa nyumba 2, imene ili ndi 3, kudumpha kukusiya 5, ndipo kutenga kukupereka 0 + 3 = 3, choncho `dp[2] = 5`. Onani kuti apa nyumba 2 yadumphidwa, ndipo 5 ameneyu ndi wa nyumba 1. Pa nyumba 3, imene ili ndi 4, kudumpha kukusiya 5, kutenga kukupereka 5 + 4 = 9, choncho `dp[3] = 9`.

Nyumba 4 ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa. Kudumpha kukusiya 9. Kutenga kukupereka `dp[2]` + 11, ndiye kuti 5 + 11 = 16, choncho `dp[4] = 16`. Popeza 5 wa mu `dp[2]` anachokera m'nyumba 1, sankho limeneli latenga nyumba 1 ndi nyumba 4, kudumpha ziwiri zapakati, ngakhale kuti palibe pamene tinalemba lamulo la kudumpha ziwiri. Pa nyumba 5, imene ili ndi 2, kutenga kukupereka 9 + 2 = 11, zimene zikuchepa poyerekeza ndi 16, choncho `dp[5] = 16`. Pa nyumba 6 kutenga kukupereka 16 + 6 = 22, ndipo limeneli ndilo yankho.

```
i      0  1  2  3   4   5   6
dp[i]  0  5  5  9  16  16  22
```

Manambala a m'tebuloli satsika mukamapita kumanja, chifukwa kuwonjezera nyumba mumsewu sikungachepetse zimene wakuba angapeze. Mukaona nambala yatsika m'tebulo lanu, dziwani kuti mwaiwala kuyerekeza ndi `dp[i-1]` penapake.

Ngati mukufunanso kudziwa nyumba zenizeni zimene zatengedwa, yendani chobwerera kuchokera kumapeto. Pamene `dp[i]` ikusiyana ndi `dp[i-1]`, nyumba `i` inatengedwa, ndipo mubwerere masitepe awiri. Pamene zikufanana, idumpheni n'kubwerera sitepe imodzi. Kwa ife 22 akusiyana ndi 16, choncho nyumba 6 yatengedwa ndipo tapita pa 4. 16 akusiyana ndi 9, choncho nyumba 4 yatengedwa ndipo tapita pa 2. 5 akufanana ndi 5, choncho tapita pa 1, imene yatengedwa. Tapeza nyumba 1, 4 ndi 6.

5. Lembani khodi, kusunga manambala awiri okha.

Powerengera bokosi lililonse tinangoyang'ana mabokosi awiri a kumbuyo kwake, choncho ngati chofunika ndi chiwerengero chokha, tebulo lonse silifunika kusungidwa.

```python
def rob_line(nums):
    prev2, prev1 = 0, 0
    for x in nums:
        prev2, prev1 = prev1, max(prev1, prev2 + x)
    return prev1
```

Pano `prev1` akuimira `dp[i-1]` ndipo `prev2` akuimira `dp[i-2]`. Kuyambira pa 0 ndi 0 kumathandiza kuti mndandanda wa nambala imodzi, ngakhalenso wopanda kanthu, uyende bwino popanda lamulo lapadera. Amene amayamba ndi `nums[0]` ndi `nums[1]` amalandira `IndexError` nyumba ikakhala imodzi, ndipo ena amaika `nums[1]` yekha pa bokosi lachiwiri m'malo mwa chachikulu pakati pa `nums[0]` ndi `nums[1]`, zimene zimapereka 3 pa `[2, 1, 1, 2]` pamene yankho ndi 4.

Chenjerani ndi mzere wa mkati mwa `for`. Python imawerengera kaye mbali yonse ya kumanja, kenako n'kusintha `prev2` ndi `prev1` pamodzi. Mukaugawa pawiri n'kulemba `prev2 = prev1` poyamba, `prev2` wakale watayika musanamugwiritse ntchito, ndipo pulogalamu ingophatikiza nyumba zonse. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mumsewu wathu mulandira 31, amene ndi 5 + 3 + 4 + 11 + 2 + 6. M'zilankhulo monga Java kapena C, sungani kaye yankho latsopano pambali musanasinthe ena awiriwo.

Khodiyi imayendera nyumba iliyonse kamodzi, choncho nthawi yake imalembedwa `O(n)`, kutanthauza kuti nyumba zikachuluka kawiri, ntchito nayo imachuluka kawiri. Malo osungira amalembedwa `O(1)`, kutanthauza kuti sakula ngakhale msewu utalike bwanji.

6. Pindani msewu kuti uzungulire, muone chimene chasintha.

Mu funso la nambala 213 nyumba zazungulira bwalo, moti nyumba yomaliza yagundana ndi yoyamba. Chasintha ndi chimodzi chokha: nyumba 1 ndi nyumba 6 sizingatengedwe pamodzi. Yankho lathu la 22 lagwa, chifukwa linatenga zonse ziwiri.

Ndaona anthu akuyesa kulikonza m'njira ziwiri, ndipo zonse ndi zolakwika. Ena amati, popeza zonse ziwiri zatengedwa, tichotse yaing'ono. 22 kuchotsa 5 kutsala 17, nyumba 4 ndi 6. Koma nyumba 1 ikachoka, nyumba 2 yamasuka, ndipo nyumba 2, 4 ndi 6 zikupereka 20. Kuchotsa nyumba imodzi kumasintha zimene zikuloledwa pafupi nayo, ndipo kusinthako kungathe kuyenda mpaka kutali mumsewu.

Ena amachita mwanzeru pang'ono: pamodzi ndi `dp[i]` amasunga chizindikiro chosonyeza ngati nyumba 1 inatengedwa, kuti akafika pa nyumba yomaliza aikane ngati chizindikirocho chili choyaka. Tiyeni tiitsatire njirayi mumsewu wathu, chifukwa kulephera kwake kumaphunzitsa zambiri. Pa nyumba 6 tikufuna `dp[4]`, imene ndi 16, yochokera m'nyumba 1 ndi 4. Chizindikiro chikuti nyumba 1 inatengedwa, choncho nyumba 6 yakanidwa, ndipo yankho latsala pa 16. Komatu m'nyumba zinayi zoyambirira munali sankho lina, la nyumba 2 ndi 4, lopereka 14, limene silinakhudze nyumba 1. Tebulo linalitaya kale pa nyumba 2 pomwe, pamene 3 anagonja kwa 5, chonsecho 14 + 6 = 20 akuposa 16. Tebulo la msewu woongoka limasunga wopambana mmodzi pa bokosi lililonse, ndipo linali ndi ufulu wotero chifukwa zimene zinachitika kutali kumbuyo sizinkakhudza za kutsogolo. Pa bwalo, zimene munachita pa nyumba 1 zimakutsatani mpaka pa nyumba yomaliza, choncho wopambana mmodzi sakwanira.

7. Dulani bwalo pawiri, muthetse misewu iwiri yoongoka.

Ganizo lake ndi lofanana ndi la pa sitepe 3, logawa masankhidwe onse m'magulu. Sankho lililonse lololedwa pa bwalo silingakhale ndi nyumba yoyamba ndi yomaliza pamodzi, choncho likusowa imodzi mwa izo, kapena zonse ziwiri. Ngati likusowa yomaliza, ndi sankho lololedwa la msewu woongoka wa nyumba 1 mpaka 5. Ngati likusowa yoyamba, ndi sankho lololedwa la msewu woongoka wa nyumba 2 mpaka 6. Mbali inayo nayonso ndi yoona: sankho lililonse lochokera m'misewu iwiriyi ndi lololedwa pa bwalo, chifukwa palibe msewu umene uli ndi nyumba 1 ndi nyumba 6 pamodzi. Choncho palibe sankho labwino limene tasiya panja, ndipo palibe loletsedwa limene talowetsa.

Msewu woyamba ndi `[5, 3, 4, 11, 2]`, ndipo yankho lake tili nalo kale m'tebulo lija, ndi `dp[5] = 16`. Wachiwiri ndi `[3, 4, 11, 2, 6]`, umene ufunika tebulo latsopano. Tiyamba ndi 3; kenako chachikulu pakati pa 3 ndi 4 ndi 4; kenako 3 + 11 = 14 akuposa 4; kenako 4 + 2 = 6 akuchepa kwa 14, ndiye 14 akhalabe; pomaliza 14 + 6 = 20. Chachikulu pakati pa 16 ndi 20 ndi 20, ndipo limeneli ndilo yankho la bwalo. Sankho la 14 limene linatayika pa sitepe 6 lapulumuka pano chifukwa m'tebulo lachiwirili mulibe nyumba 1 yoti ipikisane nalo.

```python
def rob_circle(nums):
    if len(nums) == 1:
        return nums[0]
    return max(rob_line(nums[:-1]), rob_line(nums[1:]))
```

Mawu akuti `nums[:-1]` akutanthauza mndandanda wonse kupatula nambala yomaliza, ndipo `nums[1:]` ndi wonse kupatula yoyamba.

Ambiri amafotokoza magulu awiriwa kuti "kutenga nyumba yoyamba" ndi "kutenga nyumba yomaliza". Kufotokoza kumeneku ndi kolakwika, ndipo ndikukulangizani kuti musakuzolowere ngakhale khodi yanu ikugwira. Kuchotsa nyumba yomaliza kumangolola kuti yoyamba itengedwe, sikuikakamiza. Pa bwalo la `[2, 8, 1, 8, 2]` yankho ndi 16, lochokera m'nyumba 2 ndi 4, ndipo silinatenge yoyamba kapena yomaliza. Sankho limeneli likupezeka m'misewu yonse iwiri. Kupezeka kawiri sikuvuta chifukwa tikufuna chachikulu chokha. Funso likanakhala lowerenga kuchuluka kwa masankhidwe ololedwa, kuphatikiza magulu awiriwa kukanawerenga masankhidwe otere kawiri, ndipo mukanafunika kuwagawa mwanjira ina.

Mzere wa `len(nums) == 1` musauiwale. Nyumba ikakhala imodzi, ndiyo yoyamba ndiyonso yomaliza, moti kudula konse kuwiri kukusiya mndandanda wopanda kanthu ndipo pulogalamu ibweza 0 mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse wa vuto. Nyumba ziwiri sizifuna lamulo lapadera: msewu uliwonse utsala ndi nyumba imodzi, ndipo `max` isankha yaikulu.

Dziwaninso kuti kudula mndandanda mwa njira imeneyi mu Python kumapanga mindandanda yatsopano, choncho malo osungira sakhalanso `O(1)`. Pa nyumba 100 zimenezi zilibe kanthu, koma mukafunsidwa za malo pa mayeso olowera ntchito, nenani kuti `rob_line` ingathe kulandira malo oyambira ndi othera, n'kuyenda pakati pawo popanda kukopera kalikonse.

8. Yesani ndi mindandanda yosankhidwa mwadala.

Zitsanzo zimene zimabwera ndi funso sizigwira zolakwika zonse. Mwachitsanzo, `[1, 2, 3, 1]` imapereka 4 ngakhale mutagwiritsa ntchito njira yolakwika ija yodumpha nyumba imodzi imodzi. Pa msewu woongoka yesani `[2, 1, 1, 2]`, imene iyenera kupereka 4, ndi `[8, 9, 8]`, imene iyenera kupereka 16. Pa bwalo mindandanda iwiri yomweyi iyenera kupereka 3 ndi 9, ndipo mukalandiranso 4 ndi 16 ndiye kuti nyumba yoyamba ndi yomaliza zikutengedwabe pamodzi. Yesaninso `[7]` pa bwalo. Ikabweza 0, mwaiwala lamulo la nyumba imodzi. Pa bwalo la nyumba zitatu nyumba iliyonse yagundana ndi zinzake ziwiri, choncho yankho liyenera kukhala nambala yaikulu pa zitatuzo. Pomaliza yesani msewu wathu wa `[5, 3, 4, 11, 2, 6]` pa bwalo: 20 ndiye yankho, 22 akusonyeza kuti bwalo silinawerengeredwe, 17 akusonyeza kuti munachotsa yaing'ono pa ziwiri zam'mphepete, ndipo 16 akusonyeza kuti munadalira chizindikiro kapena munawerengera msewu woyamba wokha.